Kalata ya a Tsikulina

Ana ankawatchula kuti a Tsikulina, chifukwa phunziro lawo la mbiri yakale silinkatha osamva mawu akuti "tsiku lina". Ine ndinkaphunzitsa masamu m'kalasi yoyandikana ndi yawo, ndipo phwete la ana awo linkandisokoneza, koma ndinkangoluma mano. Akazi awo anamwalira kalekale, ana awo enieni anabalalikira kutali, ndipo kunyumba ankangocheza ndi wailesi. Owamvetsera anali a m'kalasimo basi. Belu likalira, ana ankawaunjirira pakhonde kuti awamalizire nkhani.

Pamayeso oyeserera panabwera funso lakuti: kodi ufumu wina umene anaphunzira unagwa chifukwa cha nkhondo kapena kutha kwa malonda? Ana anadzaza mapepala. Mfumu inabadwa, inakwatira, inamenya nkhondo, inafa. Nkhani zokoma ndithu, koma malikisi ake omvetsa chisoni.

"Aphunzitsi, ifetu talemba zonse zimene munatiuza," anadandaula mtsikana wina wapabenchi yakutsogolo.

M'mawa mwake a Tsikulina anamata kalata pambali pa bolodi.

"Ana anga, simunaname, koma simunayankhe funso. Funso silikufuna zimene zinachitika, likufuna chifukwa chake. M'ndime yoyamba nenani mbali imene mwaima: nkhondo kapena malonda. Ndime iliyonse iyambe ndi mfundo imodzi, kenako umboni, kenako muonetse mmene umboniwo ukuyankhira funso. Mbali inayo muitchulenso, munene chifukwa chake ikuchepa mphamvu. Nkhani yopanda mfundo, ikome bwanji, wochonga mayeso amaipatsa malikisi ochepa. Mwatengera ine. Kuyambira lero nthano ndasiya."

Ndinaseka nditaiwerenga. Ndinati awa sangathe sabata. Koma anasiyadi. Kuseri kwa khoma ndinkangomva choko kulira pabolodi. Zimangirizo za ana zinayamba kuwongoka, ahedi mpaka anawayamikira pamsonkhano wa aphunzitsi. Koma belu likalira, ana ankangonyamula zikwama n'kumapita. A Tsikulina ankatsalira m'kalasi, kufufuta bolodi lofufuta kale. Zinkandimvetsa chisoni, ndipo ndinkakwiya nawo anawo, ngakhale sanalakwe kanthu.

Mayeso enieni atayandikira, masana ena kukutentha, ndinamva mawu a Tsikulina atasintha, afewa ngati kale. Anayamba kusimba za ulendo wina umene anayenda ndi malemu akazi awo, kukaona mabwinja a ufumu womwe uja. Ndinasiya kulemba kuti ndimvetsere.

Sanapite nayo patali. Mtsikana uja, amene tsopano ankaposa onse polemba, anafunsa mwaulemu ndithu.

"Pepani aphunzitsi, kodi zimenezi zibwera pamayeso?"

"Ayi, mwananga."

"Ndiye mwina tipitirize za malonda zija. Nthawi yatithera."

A Tsikulina anatembenukira kubolodi.

"Wanena zoona," anatero a Tsikulina, choko n'kuyambanso kulira.