Mbuzi zimene ndinamasula

Ku Tembwe, mvula ikayamba aliyense amamanga mbuzi zake. Zikadya mbewu za mnzake, wolipira ndi mwini mbuzi. Ndinkadziwanso kuti mbuzi yogwidwa m'munda suimenya kapena kuipha. Umaimanga, n'kuitana mboni kuti ziione pamodzi ndi mbewu zowonongekazo.

Chaka chimene njovu zinatidyera munda waukulu, tinatsala ndi kamunda ka kuseri kwa nyumba. Tsiku lina pochokera kumaliro, ine ndi mkazi wanga tinapezamo mbuzi zisanu za mlongo wake zitatha theka la chimanga. Ndinazimanga pamtengo.

Alamuwo anafika ndisanaitane munthu.

"Alamu, mufuna mudzi wonse undiseke? Masulani chabe, ndikakolola ndidzakupatsani matumba awiri."

Ndinamasula.

Atakolola anakana. Kwa anyakwawa anati mwina zinali nkhumba za munthu wina. Tinalephera kugwirizana, ndiye ndinakasuma kukhoti. Woweruza anandifunsa modekha ngati mlangizi wa zaulimi anayeza zowonongekazo, ndiponso ngati alipo wina amene anaziona mbuzizo m'munda. Ndinatchula mkazi wanga. Iye ataimirira anayang'ana mlongo wake, kenako pansi, n'kunena kuti sakumbukira bwino. Mlandu unathera pomwepo.

Nkhokwe yathu inatha mvula isanagwe, ana n'kumagonera mango ophika. Sindinamufunsepo mkazi wanga za tsiku la kukhoti lija, nayenso sanayambepo nkhaniyo. Manje mbuzi zija zinaswana, ndipo m'chilimwe zimadzagona pamthunzi wa nkhokwe yanga.