Khoma la Giredi Wani

Chaka chimene aphunzitsi anathawa, ine ndinali nditapuma kale ntchito ya pa esiteti. Ndalama inali itasanduka masamba a mtengo. Mphunzitsi akalandira malipiro, sankakwana n'kukwera kombi, ndiko kuti minibasi, yopita ku tauni ya Hauna. Ena anatsika ku Joni, ena anawoloka phiri kukagula sopo ku Mozambiki n'kumagulitsa. Pa sukulu ya pa komboni pathu panatsala ahedi ndi mayi mmodzi wodwaladwala.

Mwana wanga wamkazi anali atamaliza Fomu Folo, mwamuna wake atamwalira. Ahedi anamupempha kuti agwire Giredi Wani. Anavomera, ndipo nyumba yathu inalembedwa m'dzina lake. Lamulo la pa esiteti ndi lakale: nyumba imatsata ntchito. Ine ndinabwera m'dziko lino la olankhula Chishona kuchokera ku Mulanje ndili mnyamata. Kumeneko ondidziwa onse ali m'manda. Kuno ndilibe munda, ndilibe mudzi. Kalasi ija ikanatsekedwa, tikanatulutsa mphasa panja, ine, iye ndi ana ake.

Mabuku kunalibe. Amene analipo anali atadyedwa ndi chiswe, ena anthu anapichirira fodya. Choko chinkabwera chidutswa chimodzi, ahedi n'kuchisunga m'thumba la jekete ngati mankhwala. Ndiye komiti ya makolo inagwirizana kuti khoma likhale buku. Wolemba anasankha ine. Ndinalekeza Sitandade Sikisi, koma zikwangwani zonse za m'minda ya tiyi ndinkalemba ndine, ndipo palibe mzungu kapena kapitawo anabwezapo dzanja langa.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kusankha mawu. Mkulu wa mpingo anapereka vesi lalitali la m'Chishona lonena za kuopa Mulungu. Kapitawo wa othyola tiyi anafuna Chingerezi, mawu onena za kusunga nthawi, aatali ngati sitima. Ine ndinapereka miyambi yathu iwiri: "Kuona maso a nkhono n'kudekha" ndi "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha." Ana a pa komboni ambiri ndi magazi athu. Ndinkafuna aone chinenero cha agogo awo chili pakhoma.

Mwana wanga anali chakumbuyo, pamphasa ya amayi. Anati, "Ababa, ana sanafike pamenepo."

Kapitawo anaseka. "Mesi, si ndinu mphunzitsi? Ndiye ntchito yanu n'chiyani? Afikitseni."

Mwana woleredwa bwino satsutsa akulu pa bwalo, ndipo ndinamulera ndine.

Utoto ndinapanga ndi zakuda za m'mabatire akale a wailesi, kusinja n'kusakaniza ndi madzi. Burashi ndinatafuna kamtengo. Ndinakwera pa desiki n'kulemba pamwamba, pafupi ndi denga, zilembo zikuluzikulu zokhazokha monga za pa zikwangwani. Chikwangwani cha m'munda umachikweza kuti tiyi asachiphimbe ndiponso kuti manja asachidetse. Mizere inali yowongoka. Mpaka lero ndikunena kuti inali ntchito yabwino.

Posakhalitsa komboni yonse inkamva ana akufuula mawuwo m'mawa. Amayi popita kumunda ndi madengu kumsana ankaima pawindo n'kumwetulira. Ahedi analengeza kuti mvula yoyamba isanagwe makolo adzabwere kudzamva ana akuwerenga. Mvula ikagwa tiyi amaphuka, ndipo dzanja lililonse limafunika kumunda, ngakhale la mwana. Makolo anali atanena poyera kuti ngati kusukulu kulibe chimene chikuchitika, ana akathandize kuthyola, kalasi itsekedwe.

Ine ndinali wokhutira. Mwana wanga ndiye anasiya kudya bwino. Tsiku lina m'mawa, akumanga duku, anati, "Ababa, tiyeni mukaone khoma lanu."

Ndinapita. Ana anaimirira n'kundipatsa moni wa asekuru, ndiko kuti agogo. Iye analoza vesi ndi ndodo, ana n'kulinena lonse osaphonya. Analoza miyambi yanga, anainena bwino kuposa ana a ku Mulanje. Ndinagwedeza mutu.

Kenako anati, "Tembenukani nonse, muyang'ane kuchitseko."

Anatembenuka. Anagogoda khoma ndi ndodo, ana n'kuyamba vesi lomwe lija, kenako Chingerezi cha kapitawo, kenako nkhono ndi tsokonombwe, khoma lili kumsana kwawo.

Anawatembenuzanso. Anaika ndodo pa liwu limodzi lokha, pakati pa mwambi wanga. "Apa palembedwa chiyani?"

Kamtsikana kena kanayesa kuyamba vesi kuchokera poyamba, anzake n'kukaseka.

"Tsokonombwe ndi chiyani?"

Kamnyamata kena kanakweza dzanja. "Ndi sekuru uyu."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Ine sindinaseke. Ndinali kuganiza za kapitawo. Munthu ameneyo amadziwa kuwerenga, ndipo ankafuna manja kumunda. Pa tsiku la makolo akanangoloza liwu limodzi ngati mmene anachitira mwana wangayo, basi nyumba yapita.

Masana tinakhala pakhonde. Ndinamufunsa kuti afika pati.

"Akudziwa a, e, i, o, u. Akudziwa ma, ba, ta, sa, ka, ndi anzake onse, me, mi, mo, mu. Ga ndi za tayamba sabata ino. Zilembo ziwiri zogundana, monga mb kapena nd, sanayambe. Inu mwawapatsa nkh."

"Ife tinaphunzira choncho."

"Munali ndi sileti, Ababa, ndi mphunzitsi wa chikoti, ndi phala m'mimba. Awa ali ndi khoma basi. Ndiponso ine pa bolodi ndimalemba zilembo zing'onozing'ono. Zanu zazikuluzo amaziona ngati zina."

Anandiuza zimene ankafuna. Mawu awiri pa mzere, akachuluka atatu. Mawu amene mwana amamva kunyumba ndi pa mpopi. Maphatikizo amene aphunzira kale, osawonjeza. Chishona, chifukwa ndicho amaphunzirira kuwerenga, ndipo ngakhale adzukulu anga amandiyankha m'Chimanyika, Chishona cha kuno, ndikawatuma m'Chinyanja. Zimenezo zinandiwawa, koma sindinatsutse.

Tinayesa mawu ambiri n'kutaya. Ndinati tilembe za kusanama. Anati liwu la Chishona lili ndi ny, lidikire. Ndinati za kusewera bwino. Anati lili ndi mb. Tinatsala ndi ochepa. "Usaba," ndiko kuti usabe. "Usatuka," usatukwane. "Bata basa," gwira ntchito. "Geza maoko," samba m'manja, pakuti mphekesera za kolera zinali zitayamba kumveka kuchokera m'matauni. Ndinawerenga mawuwo n'kumva manyazi. Munthu wa Sitandade Sikisi kulemba "usaba."

Chovuta chinali kufufuta. Khoma labwino linali limodzi, enawo anali a mawindo ndi ming'alu, ndipo mwana wanga anati zakalezo zikatsala, ana azingothawira ku nyimbo yawo. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo ndekha.

"Achimwene, mukufuna kufufuta mawu a Mulungu?"

"Ndifufuta anga poyamba."

"Anu ndi a nkhono. Anga ndi a m'Buku."

"Usabe si wa m'Buku? Mwaiwala malamulo khumi, akulu a mpingo?"

Anati vesi lake ndilisiye, ndipo ngati ndilikhudza akanena ku komiti kuti mtsikana akulamulira bambo ake. Tinamvana kuti vesi likhale, koma ndiliphimbe ndi masaka mpaka tsiku la makolo lidutse. Kwa kapitawo sindinapite. Chingerezi chake ndinangochipaka.

Laimu kunalibe. Ndinakatapa dothi loyera kumtsinje, limene amayi amazira nalo nyumba, n'kupaka kawiri chifukwa zakuda zinkatulukira. Miyambi yanga ndinaipaka ndi dzanja langa. Litauma, ndinatenga desiki kuti ndikwere.

"Ayi, Ababa. Pansi."

Anaimika mwana wamfupi pa onse pakhoma, n'kuika chizindikiro pamene panali maso ake. Panali m'chiuno mwanga. Ndinagwada. Maondo anga ndi a munthu amene wakwera mapiri a tiyi moyo wake wonse, ndipo simenti inali yozizira. Ndinalemba zilembo zing'onozing'ono, zozungulira, kutsanzira dzanja la mwana wanga, mpata waukulu pakati pa liwu ndi liwu. Amayi ena odutsa anasuzumira. "Hezvo, taonani, sekuru akupemphera kusukulu!" Sindinatembenuke.

Masiku otsala anali ochepa, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri masana alionse. Ndinkaiyang'ana ngati mdani. Mwana wanga analetsa kunenera pamodzi. Mwana ankabwera yekha, kuika chala pansi pa phatikizo, ba, kenako ta, n'kuphatikiza. Tsiku lina ankayamba pansi, tsiku lina pakati. Khoma linada ndi zala. Ine ndinadandaula, iye anati ndiye kuti likugwira ntchito. Kuchokera panja kalasi inkamveka ngati yakufa. Amayi anasiya kuima pawindo. Wina anandifunsa pa mpopi ngati mesi wadwala, chifukwa ana sakuimbanso. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tikanasiya nyimbo ija, makolo akanakhutira nayo.

Tsiku linafika kukutentha, bingu likumveka patali. Makolo anadzaza m'kalasi, ena pa mawindo. Kapitawo analowa, kuyang'ana pamwamba, kenako kwa ine.

"Mudhara, inu madala, Chingerezi changa chili kuti?"

"Chapita ku Joni ndi aphunzitsi."

Anthu anaseka, iye ayi. Ana anawerenga mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ena akukakamira. Mayi wina ananong'ona kuti kale ankathamanga. Kapitawo anati, "Timawu tiwiri tokhati aloweza. Ndipatseni choko."

Ahedi anatulutsa chidutswa chawo monyinyirika. Kapitawo analemba pa bolodi liwu limene silinali pakhoma: "tasa." Si liwu la nzeru, anangophatikiza. Analoza mwana wake yemwe, kamtsikana kamene kanayamba vesi tsiku lija.

Kanayang'ana bolodi. Kanayang'ana khoma. Kanapita pa "bata," kuika chala pa ta, kenako pa "basa," kuika chala pa sa. Ine ndinali nditagwira chipewa mpaka chinapindika.

"Ta. Sa. Tasa." Kanakweza maso. "Baba, tasa n'chiyani?"

"Palibe," anatero kapitawo. Anabweza choko.

Si onse anatha. Anyamata awiri aakulu, amene anayamba sukulu mochedwa, analephera ngakhale "usaba," ndipo makolo awo anawatenga sabata yomweyo mvula itagwa. Ena anatsala. Kalasi sinatsekedwe, ndipo mphasa zathu sizinatuluke panja.

Mkulu wa mpingo anachotsa yekha masaka pa vesi lake. Kapitawo sanandipatse moni mpaka Khirisimasi.

Chaka chitatembenuka, mwana wanga anandipeza ndikunola khasu. "Ababa, tafika pa nd. Muli ndi mwambi waufupi?"

Ndinali nawo kale. Ndinasinja batire, kupita kukagwada, n'kulemba pansi pa "geza maoko": "mako ndi mako." Theka linalo la mwambi anati lidikire Giredi Thuu.