Pamene Pulawo ya a Lemani Inalambalala

Mpaka lero sindimvetsa mmene a Lemani ndi akazi awo a Esinati anasenzera chisoni chimodzi chaka chathunthu, aliyense akuyesa mnzake ndi wouma mtima. Ndinawadziwa mu 1957, ndikuphunzitsa ana a m'komboni pa famu ina ya fodya kufupi ndi Marondera, kutali ndi kwathu ku Nyasalandi. Bamboyo ankalimitsa ng'ombe, mayiyo ankasankha fodya m'shedi.

A Esinati anapita padera katatu. Mimba yachitatu inali ya miyezi isanu ndi umodzi. Monga mwa mwambo wakwathu, kamwanako anakaika amayi okhaokha, m'dzenje losazama, popanda bokosi kapena kulira, poti amati dzenje lakuya limatseka njira ya ana ena. Mwamuna sauzidwa malo ake.

Mkaka unabwerabe. A Esinati anamanga mawere ndi nsalu mpaka unauma, nabwerera kushedi osatchulanso nkhaniyo. A Lemani sanathe kukhala chete. Mwanayo anamutcha Duwa.

"Aphunzitsi, Duwa bwenzi akukwawa tsopano," ankandiuza motero.

"Bambo, mukuitana yani?" akazi awo ankawadula. "Musanditokose chilonda."

Posakhalitsa a Lemani anayamba kudya ndi mbeta zachimuna, zimene zinkawauza kuti ku mgodi wa Arcturus akazi obereka ndi mbwee. Tonse tinaona kuti banja likutha.

Chaka chotsatira mwini famu analamula kuti atsegule mphanje kuseri kwa dambo, poti fodya amafuna nthaka yatsopano. Mmawa wina a Lemani akulima kumeneko, a Esinati anasiya fodya pa tebulo, nathamanga kukaima patsogolo pa ng'ombe.

"Mayi, mwapenga? Zikupondanitu!"

"Apa ayi. Khotetsani. Ana anu ali apa, onse atatu."

A Lemani anandiuza pambuyo pake kuti m'mbali mwa chulu anaona malo opalira bwino, ndi timiyala titatu. Akazi awo ankapitako Lamulungu lililonse ponamizira nkhuni. Tsikulo mayiyo anawalozera wamwamuna, wamkazi, ndi woyamba uja amene sanadziwike.

Kwa foromani a Lemani anati pali thanthwe lothyola pulawo. Foromaniyo, mkulu wa ku Dedza, anayang'ana timiyalato nati, "Thanthwedi ili."

Amayi a m'komboni anakalipa kuti a Esinati aswa mwambo, sadzaonanso mimba. Sanaionedi pa zaka ziwiri zimene anakhalanso nafe. Koma ankadyera limodzi, ndipo a Lemani akatchula Duwa, akazi awo ankangoti, "Ameneyo akanatengera makani anu."

Miseche ndiyo inawatopetsa. Fodya wa 1960 atagulitsidwa, ndinawaona akuyenda kulowera ku msewu wa basi, bamboyo atasenza mphasa ndi ndowa, mayiyo akuwaseka kamangidwe ka katundu. Ena amati ali ku migodi ya Mutorashanga, ena amati anabwerera ku Nyasalandi. Kalata sinabwere.