Chifunga pa Nkhope ya Mwai

Ku Kapondo konse wojambula zithunzi anali mmodzi, a Zakeyu. Anali bambo wamfupi wa dazi, woyenda pa njinga yopanda mabuleki, kamera ili m'khosi. Kamerayo anaigula ku Chipata chaka cha referendamu atagulitsa fodya wawo yense, akazi awo n'kukhala mwezi osawayankhula. Filimu ikadzaza ankaitumiza ku Lilongwe kokatsukitsa, kenako n'kumazungulira midzi kupereka zithunzi kwa eni ake. Munthu akatuluka atatsinzina ankamujambulanso osanyinyirika.

Luwiza anawaitana mwana wake Mwai atangotuluka m'chikuta. Mwana wake woyamba anamwalira asanajambulidwe, ndipo Luwiza ankalumbira kuti uyu yekha nkhope yake isasowe.

Zithunzi zija zinabwera. Zinali zitatu, ndipo pa chilichonse, pomwe panali mutu wa mwana pachifuwa pake, panali kachifunga koyera. Iyeyo ankaoneka bwinobwino, mpaka maluwa a pachitenje. Mwana yekha ndiye ankazimirira.

Apongozi ake, a Nabanda, anangoyang'ana kamodzi.

"Kamera imaona zimene maso saona. Mwanayu alipo akumutsata. Mawa tiwoloka, akamuteme mphini kwa asing'anga a kutsidyaku."

Luwiza ankadziwa za kutsidyako: lezala limodzi, anthu mzere. Kusukulu asanasiye Fomu 2, komanso kusikelo, anamva zimene lezala lotere limanyamula. Koma iye anali mtengwa pamudzipo, mwamuna ali kuesiteti ku Kasungu. Komanso mumtima mwake ankadzifunsa, nanga akakhala akunena zoona?

Masana omwewo anabereka mwana n'kuwapeza a Zakeyu pamsika, akudya zitumbuwa.

"Achimwene, mwana wanga mwamuona chiyani?"

A Zakeyu anapukuta manja pa buluku, nayang'anitsitsa zithunzi zija. Kenaka anatulutsa za anthu ena zimene anali asanapereke, n'kuziyala pa benchi.

"Mayi a Mwai, tiyeni kwanu. Vutoli n'langa."

Luwiza anaona kuti bamboyu akanatha kungomubweza ndi mawu okoma, zawo n'kubisika. Koma a Zakeyu anakayala zithunzi zonse zija pa mphasa pakhomo pa a Nabanda, anthu ataunjikana.

"Amayi, taonani apa. Awa ndi a Vitus ndi wailesi yawo yatsopano. Chifunga chili pati?"

"Pa wailesipo."

"Iyi ndi kwaya. Chagwera pamimba pa wangʼomayo. Iyi ndi ngolo ya a Maliko, chili pa nyanga ya ng'ombe. Malo ake amodzimodzi, pakati chakumanzere. Ndiye ng'ombeyi tipite nayonso kokatema mphini?"

Anthu anaseka, koma a Nabanda ayi.

"Nanga pojambulapo simunachione bwanji, ngati chili mu kamera?"

"Funso labwino, amayi. Kamera iyi kazenera kosuzumira n'kena, diso lojambula n'lina. Ine ndimaona poyera, filimu ikuona zake."

Mu kameramo munali filimu yongoyamba kumene. Anaipombera m'chibotolo chake momwemo, yotsalayo n'kutayika, kuti atsegule kumbuyo popanda kuwononga za anthu. Anapendeketsa kamera padzuwa. Pa galasi la m'kati panali chidindo cha chala, chonyezimira mafuta.

"Mfiti yake ndi iyi," anatero akukweza chala chawo chachikulu. "Ndinaika filimu ndikudya zitumbuwa."

"Dyera lidzakuphani, a Zakeyu!" anakuwa mayi wina. "Ndiye zithunzi za ukwati wa mwana wanga n'zotere?"

"N'zotere, mayi. Chimene chalowa mu filimu sichichoka. Akwatiwo avalenso, ndidzabwera."

Mnyamata wa a Maliko anawapatsa nsonga ya malaya kuti apukutire. Anakana: nsalu ya fumbi imakanda galasi, ndipo chipsera chake sichipola. Anayamba apemerera fumbi ndi kampira kofinya, nasesa ndi kaburashi kofewa. Kenaka anadontheza sipiriti pa kansalu koyera ka m'kabotolo, osati pagalasi, n'kupukuta mozungulira kuyambira pakati kupita m'mbali, pang'onopang'ono ngati akutsuka diso la khanda. Anapukutanso ndi pouma, nawasonyeza a Nabanda.

"Amayi, ndipatseni mpaka filimu iyi ibwere. Chifunga chikakhalaponso, ndikunyamulani ndine panjinga kupita kwa asing'angawo."

"Njinga yopanda mabulekiyo? Mukufuna mundiphe ine?" A Nabanda anayang'ananso ng'ombe ija nthawi yaitali. "Jambulani. Ndimunyamule ine."

Masiku odikirawo Luwiza sankamutsitsa mwana kumsana, kuopa kuti apongozi angamutenge iye ali kudambo. A Zakeyu nawo anataya makasitomala angapo, ana n'kumawakuwiza kuti a Chala. Iwo ankangowabayibitsa anawo ndi chala chomwecho.

Atabwera nacho chithunzi, anachipereka kwa agogo ake a mwana, osati kwa Luwiza. Nkhope ya Mwai inali mbee, mpaka dovu pachibwano. A Nabanda anachitembenuza uku ndi uku.

"Makutuwa ndi a bambo ake," anatero. "Luwiza, tamasula mwanayo, wamufinya mokwana. Sakupita kulikonse."