Njira ya Pakati pa Nyanga

Bambo anga anaphunzitsa luso la kaganizidwe pa koleji zaka makumi atatu, ndipo ophunzira ankawatchula kuti a Nyanga, chifukwa ankakonda kupanikiza munthu ndi mfundo za mbali ziwiri, ngati nyanga za ng'ombe. Kunyumba nako sitinkapuma nazo nyangazo.

"Ngati wasamba, thaulo lanyowa. Ngati watsuka mano, mswachi wanyowa. Amayi ako akuti china mwa ziwirizi n'chouma. Ndiye kuti china sunachite."

Ankati mfundo yomangidwa chonchi siphonya: ukavomera zoyambazo, mathero ake sungawathawe. Pothawira ndi pamodzi pokha: kuonetsa kuti si zoona kuti china n'chouma. Achemwali anga anaphunzirapo kusamba. Ine, kuchenjera kwangaku, ndinaphunzirapo kunyowetsa thaulo ndi mswachi.

Achemwaliwo anadzakhala namwino wosunga katemera pa chipatala china chaching'ono, ine wokonza mafiriji. Lolemba lina m'mawa anapeza firiji yafunda, katemera yense waonongeka. Anaitanidwa ku komiti yoweruza antchito, ntchito yawo ili pachiswe. Anawalola kubwera ndi munthu mmodzi wowalankhulira, ndipo anatenga bambo. Ine ndinakhala pabenchi ya pakhonde, khomo lili pululu.

Wapampando anawerenga pang'onopang'ono. "Ngati munazimitsa firiji, munaononga dala. Ngati munasiya chitseko chake chotsekula, ndinu wosasamala. Munazimitsa, kapena munasiya chotsekula. Choncho munaononga dala, kapena ndinu wosasamala. Zonsezi n'zochotsetsa ntchito."

Bambo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kapukutidwe kameneko ndinkakadziwa.

"Mwaimanga bwino, a Wapampando," anatero. "Nyanga zonse ziwiri n'zakuthwa, sindikanganako nazo. Funso langa ndi limodzi. Ndani wakuuzani kuti njira ndi ziwiri zokha? Firiji ikhoza kukhala yoyatsa, chitseko chili chotseka, koma osazizira."

"Zingatheke bwanji?"

"Injini yake ikafa."

"Koma inakonzedwa sabata yatha yomweyi. Anaikamo injini yatsopano."

"Itsekuleni kumbuyo muone ngati ndi yatsopano."

Injini yatsopanoyo inali m'shedi ya kunyumba kwa bambo, m'katoni mwake, pansi pa matumba. Ndinkafuna kuigulitsa. M'firijimo ndinaikamo yakale, nditaipaka penti wakuda kuti iwale. Ndinkaganiza kuti nkhalamba silowanso m'shedi.

Ndinachita mantha, komanso ndinakwiya, ndisaname. Bambo akadatha kundiuza dzulo lake, tili patebulo, m'malo mondipatsira mchere ngati palibe kanthu.

Wapampando anatenga cholembera. "Anakonza ndani?"

Achemwali anaweramitsa mutu. Bambo anavala magalasi aja, osatembenuka n'komwe.

"Ali pabenchi panjapo," anatero. "Ndi mwana wanga."