Misozi ya azakhali poyambira vidiyo

Ndili chaka chachitatu ku yunivesite, ine ndi mnzanga wa m'kalasi tinajambula vidiyo ya mayeso yonena za azakhali anga a ku Msongwe, amene dimba lawo analanda anthu omanga mahositelo. Chiyambi chake ndinalemba ndine: moni, mbiri ya mzinda, kenako azakhali. Titaiika pa intaneti, mzere wosonyeza owonera unatsika pasanathe masekondi khumi. Anthu ankachoka azakhali asanayankhule n'komwe.

"Moni wakoyu akumufuna ndani?" anatero mnzangayo. "Yamba ndi chowawa, ufunse funso, yankho lidzabwere kutsogolo."

Chowawacho ndinali nacho. Kumapeto kwa kujambula azakhali analira, mamina ali chuchuchu, Chichewa chikuwathawa. Anandigwira dzanja nati, "Apa ufufute, mwana wanga." Ndinavomera, koma sindinafufute. Tsopano ndinadula kulirako n'kukuika koyambirira kwenikweni, pamwamba n'kulemba kuti, "Wawaliza ndani mayi awa?"

Ulendo uno anthu ambiri anawonera mpaka kumapeto. Ena anadula masekondi oyambawo, kuwaikira nyimbo, n'kumatumizirana pa foni akuseka. Za dimba palibe anazitchula.

Lamlungu lina ndinapita ku Msongwe. Ndinapeza azakhali ali pakhomo. Anali atasiya kupita kutchalitchi chifukwa akabaza a pa siteji ankawayeseza kulira akamadutsa.

"Wakhoza mayeso ako?" anandifunsa.

Ndinati eya, aphunzitsi anaiyamikira kwambiri vidiyoyo.

"Yewo chomene," anathokoza m'chiyankhulo chakwawo, natseka chitseko ine ndili panja.