Mano a makina opunthira mpunga

Nditamaliza fomu 4 ndinalowa ntchito pa wekishopu ya amalume ku Mtakataka, pomwe ankawotcherera zipata, mafulemu a mawindo ndi ngolo. Ndinali mtsikana ndekha pakati pa anyamata awiri. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali kupala dzimbiri ndi kugwirizira chitsulo ena akamawotcherera.

Loweruka masana ndinkapalasa njinga kupita ku Mua. Kumeneko kunali aphunzitsi ena, anzawo a mayi, omwe anali ndi laputopu yakale yokhala ndi pulogalamu ya CAD, yojambulira zinthu pakompyuta ndi miyeso yake yeniyeni. Anayamba kundiphunzitsa mzere ndi bwalo, kenako kusandutsa chojambula chafulati kukhala chinthu choti nkuchitembenuza, pomaliza kulumikiza zidutswa kuti ndione ngati zikukwanirana. Amalume ankati nzabwino, bola Lolemba ndisafike mochedwa.

Mpunga utayamba kucha, gulu la amayi olima ku Bwanje linabwera kudzapempha makina opunthira. Makinawo ndi dilamu yokhala ndi mano achitsulo, yozungulira m'kati mwa bokosi. Amalume anajambula ndi pensulo, dilamu papepala lake, bokosi papepala lina. Amayiwo atabweranso, wapampando wawo anati makina omwe anabwerekapo kale ankasiya mpunga wambiri ku mapesi, choncho mano atalikeko. Amalume anavomera, nafufuta mamilimita 40 a kutalika kwa mano papepala la dilamu, nalembapo 60.

Shiti ya chitsulo inachokera ku Lilongwe, imodzi yokha, ndipo kudula kunali Lolemba. Ndinapempha mapepala aja kuti ndikayeserere ku Mua. Cholinga changa chinali kungophunzira basi.

Ndinajambula dilamu ya mamilimita 300 m'mimba mwake, ndikuikapo mano, kenako bokosi la 400 m'kati. Nditazilumikiza pa shafiti, chitsulo chapakati chozunguza dilamu, nsonga za mano zinatulukira kunja kwa bokosi. Ndinaganiza kuti ndalemba nambala molakwika, ndiye ndinayambiranso. Zinatulukanso.

"Aphunzitsi, kompyuta yanuyi yasokonezeka," ndinatero.

"Iwe, phatikiza wekha," anandiyankha. "Dilamu, ndi dzino uku ndi uku."

Inakwana 420. Bokosilo linali loyenera mano akale aja. Aphunzitsi anandibwereka laputopu, ndinaikulunga m'chitenje nkuibereka kumsana.

Lolemba ndinapeza amalume atalemba kale shiti ndi choko, galainda yodulira chitsulo ili pambali. Ndinali ndisanawatsutsepo pa ntchito.

"Amalume, musanadule, mungaoneko kaye ichi?"

Anayang'ana pa laputopu, ine ndikuzunguza dilamu, mano akupyoza khoma la bokosi. Mnyamata wina anaseka, nati katuni sangaphunzitse mmisiri. Amalume sanaseke. Anatola katoni, msomali ndi chingwe, nazunguza bwalo la nsonga za mano, nkulidula ndi mpeni. Atalisanjika pa mizere ya choko ija, bwalolo linadutsa mzere mbali zonse.

"Ndinasintha pepala limodzi, linalo ndinaiwala," anatero. "Tikanazindikira titawotcherera kale. Nanga tikakulitsa bokosi, shitiyi itikwanira?"

Funso limenelo anafunsa ine, osati anyamata aja. Ndinakhala pa chitini cha penti, ndikukulitsa bokosi kufika 440 kuti mano azidutsa mosakhudza. Kenako ndinajambula shiti yonse pakompyuta ndikuyamba kusanja zidutswa. Poyamba chivindikiro cha bokosi sichinkalowa. Ndinatembenuza mbali ziwiri za bokosi kuti ziyang'anizane, mpata unapezeka, ndikusiyanso kampata ka mwala wa galainda pakati pa zidutswa. Zonse zinalowa, kungotsala kachidutswa kosakwana chikhatho.

Amalume anapukuta mizere yakale ndi chiguduli chonyowa, nandipatsa choko ndi tepi.

"Lemba ndiwe. Ine ndidula pomwe walembapo."

Mzere uliwonse ndinkauyeza kawiri. Tsiku lomangirira, amalume anapukusa dilamu ndi dzanja. Inazungulira yokha kwa kanthawi, osagunda paliponse.

Makinawo tinakawapereka pa ngolo, ndipo amalume anati ndipite nawo. Amayi aja anaika mtolo woyamba, mpunga unayamba kuthothoka ngati matalala. Wapampando uja anatola mapesi nawayang'anitsitsa, napeza alibe kanthu. Anayamba kuthokoza amalume, koma iwo anandiloza.

"Thokozani mwana wa mlongo wangayu. Akanapanda iyeyu, bwenzi mukupunthabe ndi ndodo chaka chino."

Amayiwo analuluta, wina nandithira mpunga wodzaza manja m'thumba la ovololo. Pobwerera, tili pafupi ndi Golomoti, amalume anandiuza kuti pali munthu akufuna nsanja ya thanki ya madzi, ndipo anandifunsa ngati ndingaijambule lisanafike Lachisanu.